Madengu a Magetsi

Kwa zaka khumi ndi zinayi, mayi amene anthu ankawatchula kuti a Tsitsaniko ankakhala pa kampando ka miyendo itatu m'mphepete mwa msewu, kugulitsa madengu ndi malichero oluka amuna awo. Dzinali sanabadwe nalo. Linachokera kwa ogula, chifukwa aliyense woima pamenepo, ngakhale wotsika m'galimoto yonyezimira, mawu ake oyamba sankakhala moni koma akuti, "Tsitsaniko, mayi." Mapeto ake ngakhale ana a m'nyumba zoyandikana ankaganiza kuti ndi dzina la makolo.

Msewu umenewo anatopa nawo mpaka m'mafupa. Lole ikadutsa, fumbi ankayamba kumeza ndi iwo, lotsala n'kulowa m'madengu. Dzuwa linkawaula katundu moti dengu likatha milungu itatu pamsewu linkaoneka ngati lagwirapo kale ntchito m'mabanja awiri. Mvula ikachita mdima kunali kuthamanga ndi pepala la pulasitiki, poti nsungwi ikanyowa n'kuunjikidwa imachita chuku. Ndiye panali ogula ena aja otola dengu, kulitembenuza, kuligogoda ngati akusankha dzungu, kujambulitsa nalo pa foni, kenako n'kulibweza pansi akumwetulira ngati akuchitira chifundo. A Tsitsaniko ankafuna chinthu chimodzi chokha pa moyo wawo: kuchoka pamsewupo.

Amuna awo za fumbi sankazidziwa. Iwo ankakhala kuseri kwa nyumba pamthunzi, mpeni m'manja, beseni la madzi pambali. Ankadula okha nsungwi zokhwima, kuzing'amba, kuzipala mpaka timizere take tizipindika ngati lamba, n'kutinyika m'madzi kuti tisathyoke poluka. Dengu ankaliyambira pansi, kupingasa timizere mothinana, kenako n'kukwera nalo m'mbali. Pansi pa dengu ndi pamene panali ulemu wawo wonse. Ankati ukathira mchenga m'dengu lawo n'kuyenda nalo tsiku lathunthu, sipagwa ndi kamchenga kamodzi komwe, ndipo n'chifukwa chake ankatchedwa a Sadontha. Zinali zoona, koma ankazinena pafupipafupi kwambiri. Ntchito ya akazi awo, kupatula kumeza fumbi, inali kusoka mkombero wa kukamwa kwa dengu ndi mlaza, ntchito imene a Sadontha ankaitcha "kumalizitsa chabe".

Tsiku lina m'mawa a Tsitsaniko anasankha madengu atatu osawauka, n'kukwera basi kupita m'tauni osauza munthu. Mu shopu yoyamba mlonda anawauza kuti ogulitsa malonda salowa. Yachiwiri anawauza kuti abwana kulibe, chonsecho abwanawo ndi amene ankayankhula. Yachitatu inali yogulitsa makatani, mipando ndi miphika ya maluwa, ndipo mwini wake anali mayi wamtali wa magalasi okhazika pamutu, amene ankayenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto.

Mayi wa shopuyo anatenga dengu limodzi n'kulisisita m'kati ndi chikhatho kuti aone ngati lili ndi zobaya. Analikhazika patebulo kuti aone ngati likupendekeka. Analinunkhiza. Sanatchule mawu oti tsitsaniko, ndipo a Tsitsaniko anachita ngati ayiwalidwa dzina.

"Ntchito yabwino iyi," anatero mayi wa shopu. "Koma mungathe kupanga ambiri ofanana ndendende? Anthu ambiri amandibweretsera dengu limodzi lokongola, ndikaitanitsa khumi amabwera ndi bambo, mayi ndi ana."

"Amuna anga sasemphanitsa, mayi."

Mayi uja analowa kuchipinda cha kuseri n'kubwera ndi dengu lina, lotambalala kukamwa, lolukidwa motayana m'mbali. "Ndikufuna makumi awiri, chimodzimodzi ili. Muyeze ndi tepi, osati ndi zala. Akhale pano Lachisanu la sabata yachitatu. Awa ndi a magetsi."

"A magetsi?"

"Eya. Mukuwadziwa, eti?"

"Kwambiri," anayankha a Tsitsaniko. Nanga ndani sawadziwa a magetsi? Anthu a maovolosi aja, okwera m'mapolo, obwera kudzadula nthambi za mitengo yaeni popanda ndi odi yemwe. Zimene anthu amenewo ankafuna kuchita ndi madengu, a Tsitsaniko sanafunse. Anaopa kuoneka osadziwa zinthu tsiku loyamba lomwe, komanso foni ya mayi wa shopu inali itayamba kale kulira.

Ali m'basi pobwerera, dengu lili pamiyendo, anadabwa kuona kuti akuona bondo lawo. Pakatikati penipeni pa tako la dengulo panali chibowo choti nkhuku n'kutulutsirapo mutu.

Atafika kunyumba anapeza a Sadontha ali ndi mng'ono wawo, mwamuna wamkulu thupi wonyamula anthu pa njinga yamoto, yemwe ankadziwa yankho la funso lililonse lisanafunsidwe. A Tsitsaniko anafotokoza zonse, n'kuika dengu lija pakati. A Sadontha analinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anasuzumira pachibowo paja n'kuona mng'ono wawo mbali inayo.

"Mayi, mwapita m'tauni monse muja kukatola dengu lodwala?"

"Ndi chitsanzo, bambo."

"Chitsanzo cha chiyani? Cha ulesi? Taonani m'mbalimu, mipata yoti mbuzi n'kudutsa. Ndiye pansi pano woluka wake anatopa n'kupita kukagona."

"Koma taonani, bowolo analisokerera bwinobwino m'mbali," anatero a Tsitsaniko, amene diso lawo linali pa msoko.

"Ndiye ulesi wake umenewo! Dengu labooka, m'malo moika chigamba, iye akukongoletsa bowo. Zili ngati munthu wang'ambika buluku kumbuyo, telala n'kumusokerera maluwa kuzungulira pong'ambikapo."

Mlamu uja anali atalitenga kale dengulo n'kulivala kumutu. Tsitsi lake linatulukira pabowo ngati udzu.

"Alamu, nkhani yake ndi yapafupi," anatero ali m'kati mwa dengu. "A magetsi aja amakwera m'mwamba, dzuwa lili pafupi. Ichi ndi chipewa. Bowoli ndi lotulukira thukuta."

"Thukuta limakwera m'mwamba?"

"La magetsi limakwera. Kapenanso ndi loikamo zida. Akakhala pamwamba pa polo, mnzake ali pansi akafuna sipanala, amangogwedeza dengu, sipanala n'kutsika yokha."

"Pamutu pa mnzakeyo," anatero a Sadontha.

"N'chifukwa chake amavala zipewa zolimba zija, achimwene. Zonse zimalumikizana."

Anakangana mpaka nsungwi za m'beseni zinafewa mopitirira. A Tsitsaniko ankakumbukira bwino mawu oti chimodzimodzi, koma nawonso bowo lija linkawachititsa manyazi. Anaganiza kuti mwina mayi wa shopu, ndi kuthamanga kwake kuja, anangotola dengu lakale osalitembenuza. Ukampatsa telala malaya akale kuti ayezerepo, kodi amasokanso ndi zigamba zomwe? Pomaliza anagwirizana monga amagwirizanirana anthu apabanja, aliyense kuluza theka. A Sadontha analola kuluka m'mbali motayana ngati chitsanzo, ngakhale ankati manja awo achita tchimo. A Tsitsaniko analola kuti pansi patsekedwe.

"Tiwachitire ulemu a magetsiwo," anatero a Sadontha. "Adziwe kuti kunja kuno kuli anthu."

Milungu itatu imeneyo panyumbapo panali fungo la nsungwi zokhazokha. Anabwereka tepi kwa telala, ndipo a Sadontha, amene moyo wawo wonse ankayeza ndi chikhatho, ankaigwira mokayikira ngati ili ndi mano. Dengu lililonse likatha ankalilowetsa m'linzake kuti aone ngati akukhalirana bwino, ndipo awiri amene anakana analunjika kumsewu. Koma pansi pa madenguwo, abale inu! A Sadontha anaikapo luso lonse la zaka makumi atatu. Analuka mothinana, n'kupanga kanyenyezi pakati ndi timizere toderapo ta khungu la nsungwi. A Tsitsaniko ankasoka mikombero mpaka zala kuchita matuza, mtima uli mbee, akuwerenga masiku otsala oti akhale pamsewu.

Lachisanu lija a Sadontha anavala jekete. Anati akufuna kukaonana ndi a magetsi maso ndi maso. Mlamu anamanga madengu onse pa njinga yamoto, olowetsana m'milu iwiri, n'kutsogola, ndipo eni ake anatsatira pa basi. Anakumana pakhomo pa shopu dzuwa lisanatenthe.

Mayi wa shopu anawalandira ndi chimwemwe. Anayeza kukamwa kwa madengu atatu ndi tepi yake, n'kugwedeza mutu movomera. A Sadontha anakoka jekete lawo kutsogolo. Kenako mayiyo anatembenuza dengu limodzi. Anatembenuza lachiwiri. Anatsitsa magalasi kuchoka pamutu n'kuwaika pamphuno, chinthu chimene a Tsitsaniko anadziwa nthawi yomweyo kuti si chabwino.

"Bowo lili kuti?"

"Tinakonza, mayi," anayankha a Sadontha mokoma mtima. "Musadandaule, sitiwonjezera mtengo."

"Munakonza?"

"Onse makumi awiri. Ngakhale chitsanzo chanu chija ndachiika chigamba. Ndi ichi."

Mayi wa shopu anakhala pa mpando umene unali ndi chikwangwani choti osakhalapo. "Bambo, nanga waya adutsa pati?"

"Waya wake uti?"

"Wa babu! Ndinanena kuti ndi a magetsi!"

"Eya, a magetsi," anatero a Tsitsaniko, mawu akuchepa. "Aja a maovolosi."

Mayi uja analoza kudenga. A Tsitsaniko anakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona chimene chinali pamwamba pa mutu wawo tsiku loyamba lija. Dengu linali lende, chozondoka, waya atalowa pa tako lake, babu ili m'kati. Munthu amene wakhala zaka khumi ndi zinayi akuyang'anira katundu woyala pansi sayang'ana kumwamba akalowa m'shopu.

"Ndimadziwa ine," anatero mlamu. "Ndimati ndinene."

"Iwe khala chete," anatero a Sadontha. Anayang'ana dengu lopachikidwalo kwa nthawi yaitali. "Ndiye mukutanthauza kuti anthu amagula dengu n'kulizondotsa, osaikamo kanthu?"

"Amaikamo babu, bambo. Mababu osatentha aja, kuti nsungwi isapse."

"Babu ili ndi vuto lanji kuti izivala dengu?"

Mayi wa shopu sanaseke. Anafotokoza kuti madenguwo anaitanitsa ndi mwini malo ena odyera amene akutsegula mawa lake, ndipo wolumikiza mawaya abwera kudzawatenga madzulo a tsiku lomwelo. Iye anali atalonjeza. Tsopano ayenera kuimbira munthu wina amene ali ndi zotchingira mababu za pulasitiki, apepese, ayiwale za nsungwi. "Ndinakufunsani ngati mukuwadziwa, mayi. Mukanangofunsa."

Mawu amenewo anawalasa a Tsitsaniko kuposa chipongwe chilichonse cha pamsewu, chifukwa anali oona. Anachita manyazi, kenako mantha. Anadziona Lolemba m'mawa akuyala madengu makumi awiri a mipata m'mbali, oti sungasungiremo nyemba kapena kupetera kanthu, n'kumawauka pamodzi nawo mpaka chaka chamawa.

"Tiboola," anatero.

"Tibo chiyani?" anafunsa a Sadontha.

"Tiboola, bambo. Pompano."

"Mayi, dengu limayambira pansi. Mukadula pamenepo, lonse limasuka ngati juzi. Ndiponso ine sindinabadwe kuti ndiziboola madengu. Imeneyo ndi ntchito ya makoswe."

"Silimasuka mukayamba mwasoka."

A Tsitsaniko anatsegula chikwama chawo. Munali singano yaikulu yosokera masaka, mlaza wong'amba kale, ndi timizere tingapo ta nsungwi, zimene ankayenda nazo nthawi zonse pokonzera mikombero yophwanyika m'njira. Anapempha beseni la madzi, ndipo mayi wa shopu anakatenga. A Tsitsaniko anakhala pansi pakati pa makatani, n'kunyowetsa tako la dengu limodzi kuti lifewe. Anathothola chigamba cha pa chitsanzo chija, amuna awo akuonerera, n'kuyeza bowo lake ndi tepi. Anapinda timikombero tiwiri tating'ono, kena kunja kena m'kati, n'kuyamba kusoka mozungulira, msoko uliwonse ukugwira kamzere kake kuti pasapezeke kothawa.

Atamaliza anatambasula dzanja. "Mpeni, bambo."

"Ndilibe."

"Uli m'thumba la jekete. Munapita nawo ngakhale tsiku lija tinkakajambulitsa chithunzi."

A Sadontha anautulutsa pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhoma. Mpeni utalowa mu nsungwi n'kumveka kuti khwee, anabuula ngati akuzulidwa dzino. Kanyenyezi kaja kanagwera pansi. Mlamu anavula chipewa chake cha njinga n'kuchigwira pachifuwa.

A Tsitsaniko anadula nsonga zotsalira, n'kukulunga m'mphepete mwa bowo ndi mlaza. Anagwedeza dengulo, analikoka uku ndi uku. Silinamasuke. Mayi wa shopu analitenga, anakwera pa tebulo ndi nsapato zomwe, n'kumasula dengu lopachikidwa lija. Analowetsa waya m'latsopanolo, kubwezera babu, n'kuuza mlamu kuti azimitse magetsi ena onse ndi kukoka katani ya pazenera.

Kuwala kunatulukira m'mipata ija n'kumwazika khoma lonse, timadontho ndi timizere tolongosoka bwino ngati nsalu. Kunagwera pa mipando, pa miphika ya maluwa, ndi pa khoma limene a Sadontha anatembenukirako pokana kuona. Choncho anaona ndithu, asakufuna.

Anayang'ana khomalo kwa kanthawi. Kenako analoza ndi chala.

"Mwaona mizere iyo? Palibe wokhota ndi umodzi womwe. Lija la poyamba limaonetsa chonchi?"

"Ayi, bambo," anavomera mayi wa shopu ali pa tebulo pomwepo. "Lija limaonetsa ngati mpanda wakugwa." Anatsika n'kuyang'ana wotchi. "Atsala khumi ndi asanu ndi anayi. Akatha wa mawaya asanafike, ndiwatenga. Ndipo mwezi wamawa kuli ena ofuna makumi atatu. Koma chonde, mukapanda kumva, muzifunsa."

"Tizifunsa mpaka mutope nafe," anatero a Tsitsaniko.

Timizere ta m'chikwama tinali tokwana madengu atatu okha, ndiye mlamu anatumidwa kunyumba kukatenga tina pamodzi ndi mlaza. Anatuluka akuuza kasitomala wina pakhomo kuti nzeru yonseyi inachokera kwa iye. A Tsitsaniko anakoka dengu lachiwiri, kulinyowetsa, kusoka timikombero, n'kutenga mpeni. Mpeni unaterera pang'ono n'kulumpha mzere.

A Sadontha anali ataima chapatali, manja kumbuyo, ngati munthu wongodutsa. Anatsokomola. Anatsokomolanso. Kenako anavula jekete, kulipinda bwinobwino, kuliika pa mpando woletsedwa uja, n'kukhala pansi pafupi ndi akazi awo.

"Mukudula mokhota, mayi. Bweretsani kuno."

"Si munati ndi ntchito ya makoswe?"

"Makoswe saona mzere. Ngati tikuwononga, tiwononge bwino." Analandira mpeni, n'kupapasa msoko wa akazi awo ndi chala chachikulu, kuzungulira bowo lonse, kufunafuna polakwika. Sanapapeze. "Msoko uwu munauphunzira kuti?"

"Kumalizitsa chabe, bambo."

A Sadontha anaweramira dengu lija, kulinong'oneza kuti pepa, n'kudula bowo lozungulira bwino kwambiri moti mayi wa shopu anabwera kudzaliona. Atatero anakankhira beseni kufupi ndi akazi awo.

"Sokani linalo, mayi. Ine sindingadule musanasoke."

A Tsitsaniko anatola dengu lachitatu. Ankafuna kuseka, ankafunanso kulira, ndiye anangonyowetsa mlaza n'kuulowetsa pa singano. Kunja lole inadutsa, ndipo iwo anangoimva phokoso lokha.